Kusaka mawu oti muwagwire mu vidiyo ya maola 3 popanda kuionera yonse

Munthu akamayankhula Chingerezi pamsonkhano amatchula mawu pafupifupi 140 pa mphindi, ena kuposerapo, ena kucheperapo. Ndiye kuti vidiyo ya zokambirana za maola 3 imakhala ndi mawu oyandikira 25,000. Mtolankhani, wolemba lipoti kapena wokonza timavidiyo tatifupi amafunapo ziganizo mwina 4 zokha, zija zoti akaziika m'mitengero, owerenga aime kaye. Vuto ndi loti sadziwa pamene ziganizozo zili, ndipo maola 3 oti akhale pansi n'kumamvetsera alibe.

Masiku ano pali mapulogalamu amene amamvetsera mawu ojambulidwa n'kuwalemba okha. Zimene amalembazo zimathandiza kwambiri, bola munthu adziwe ntchito yake. Zolemba za makina zimakuuzani mphindi imene chinthu chinanenedwa. Sizikutsimikizirani kuti chinanenedwa ndi mawu omwewo, ndi munthu ameneyo, m'tanthauzo limenelo. Posaka mumagwiritsa ntchito maso, koma chiganizo chilichonse chimene mudzachiike m'mitengero chiyenera kudutsa m'khutu mwanu kaye. Njira yonse yagona pamenepa, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyambe taona mmene makinawo amalembera.

Makina amalosera, samva

Titenge Whisper, pulogalamu imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2022, yomwe munthu angathe kuiika pa kompyuta yake kwaulere. Inaphunzitsidwa ndi mawu ojambulidwa okwana maola 680,000. Ikapatsidwa fayilo, imaiduladula m'zigawo za masekondi 30, ndipo pa chigawo chilichonse imalosera mawu amene akuyenerana kwambiri ndi phokoso limene yapatsidwa komanso ndi mawu amene yalemba kale. Imalemba liwu limodzi, kenako n'kulosera lotsatira, choncho mpaka chigawocho chithe.

Zotsatira zake n'zakuti zolakwa zake sizioneka ngati zolakwa. Munthu wolemba pamanja akalephera kumva liwu amasiya mpata kapena kuika chizindikiro. Pulogalamuyi siisiya mpata. Imaikapo liwu lina lomveka bwino, la galamala yolondola, lokhala ndi mpumiro pamalo pake, moti wowerenga sakayika n'komwe. Imakondanso kusalaza zoyankhula: kudodoma, kubwereza liwu ndi timawu tongodzazira mpata nthawi zambiri imazichotsa, ndiye munthu amene ankayankhula mozengereza amaoneka papepala ngati ankanena motsimikiza.

Akatswiri amayeza kulondola kwa zolemba zoterezi powerenga mawu osinthidwa, osiyidwa ndi owonjezedwa, n'kugawa ndi chiwerengero cha mawu onse amene ananenedwadi. Tinene kuti zolakwa ndi 5 pa mawu 100 alionse, chomwe n'chiwerengero chabwino ndithu pa zojambulidwa mu holo. Pa mawu 25,000 ndiye kuti zolakwa ndi 1,250. Zambiri mwa izo sizivulaza aliyense. Koma sizimwazika mofanana. Zimaunjikana pa mayina a anthu ndi malo, pa manambala, pa timawu tatifupi totsutsa, ndiponso pamene anthu awiri akuyankhulira limodzi, ndipo malo amenewa ndi omwewo amene mawu okoma kugwira amapezeka.

Chiyankhulo nachonso chili ndi mbali yake. Whisper ili ndi ziyankhulo pafupifupi 100, kuphatikizapo Chiswahili ndi Chishona, koma Chichewa palibe pa mndandandawo, ndipo ngakhale mwa zimene zilipozo, zina imazilemba bwino kuposa zinzake. Wokamba akamasakaniza ziyankhulo, gawo limene pulogalamuyo silidziwa imatha kulilumpha kapena kulisandutsa mawu ena ofanana nalo kamvekedwe. N'chifukwa chake chitsanzo chimene titsate pano ndi cha zokambirana za m'Chingerezi.

Kukonza zolembazo

Tiyerekeze kuti muli ndi vidiyo ya maola 3 ya msonkhano wokambirana za mlatho umene wachedwa kutha. Pali wotsogolera zokambirana ndi okamba 4, mmodzi mwa iwo ndi mkulu wa ntchitoyo. Mukufuna ziganizo 3 kapena 4 zoti muike mu nkhani yanu.

Choyamba ndi kupatula mawu pa zithunzi ndi ffmpeg, pulogalamu yokonzera mafayilo a vidiyo ndi mawu, kenako n'kuwapereka kwa pulogalamu yolemba ija:

```
ffmpeg -i msonkhano.mp4 -vn -ac 1 -ar 16000 mawu.wav
whisper mawu.wav --model medium --language en --output_format srt
```

Pa malamulo awiriwa, chofunika kwambiri ndi mawu omalizawo, `srt`. Anthu ambiri amatenga zolemba zopanda nthawi chifukwa zimawerengeka bwino, kenako akapeza chiganizo chokoma amayamba kukoka vidiyo uku ndi uku kusaka pamene chili, ndipo nthawi imene amafuna kupulumutsa ija imathera pomwepo. Fayilo ya `srt` imaika nthawi pamwamba pa kachigawo kalikonse, motere:

```
1412
01:47:12,300 --> 01:47:15,900
the delay was our mistake.
```

Ngati mayina a okambawo mukuwadziwa kale, mungawapereke kudzera mu `--initial_prompt`, ndipo izi zimathandiza kuti alembedwe molondola, ngakhale kuti si nthawi zonse. Vidiyo ikakhala pa YouTube nthawi zambiri simufunikanso malamulo onsewa, chifukwa batani la `Show transcript` limaonetsa zolemba zokhala ndi nthawi kale, ndipo mukadina mzere vidiyo imalumphira pomwepo.

Musanayambe kusaka, yesani nthawiyo malo atatu: kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Sankhani mzere, pitani pa mphindi imeneyo mu vidiyo, mumve ngati zikugwirizana. Ngati paliponse zikusiyana ndi mphindi zofanana, mwachitsanzo 6, ndiye kuti fayilo ya mawu inadulidwa koyambirira ndipo mungowonjezera 6 paliponse. Koma kusiyanako kukamakula pamene mukupita kumapeto, kawirikawiri ndiye kuti wina anachotsa mipata ya chete asanalembetse, ndipo njira yabwino ndi kulembetsanso kuchokera pa fayilo yoyambirira.

Kusaka

Apa ambiri amaganiza kuti angowerenga zolemba zonse. Mawu 25,000 powerenga mawu 250 pa mphindi ndi mphindi 100. Mwapulumutsako pang'ono, koma maso atopa, ndipo zoyankhula zikalembedwa zimakhala zotopetsa kuposa buku. Ndi bwino kuyamba ndi kudziwa mmene msonkhanowo unayendera, ndipo njira yachidule ndi kutulutsa mafunso onse ndi `grep`, lamulo losakira mawu mu fayilo:

```
grep -B1 "?" mawu.srt
```

Lamuloli limatulutsa mzere uliwonse wokhala ndi mfunsiro pamodzi ndi mzere wa pamwamba pake, womwe ndi wa nthawi. Mu mphindi zochepa mumaona kuti malonje ndi zoyankhula zokonzeratu zinatenga mphindi 50 zoyambirira, nkhani ya ndalama inayamba cha pa 01:05, kupuma kunali cha pa 01:30, ndipo mafunso a anthu anayamba cha pa 01:40. Ine mphindi 50 zoyambirirazo ndimangoziyang'ana mothamanga. Zimene munthu wawerenga papepala nthawi zambiri zimakhala kale mu chikalata chimene ofesi yake inagawa, ndipo sizikhala ndi kanthu katsopano. Mawu amoyo amatuluka munthu akafunsidwa zimene sanakonzekere, makamaka akafunsidwa kachiwiri funso limene analizemba poyamba. Mukaona funso limodzi likubwerezedwa m'mawu ena, ikani chizindikiro pamenepo.

Kenako mumasaka mawu. Ambiri amalakwitsa posaka mutu wa nkhani. Mukasaka `bridge` mu msonkhano wokamba za mlatho mupeza mizere 200 ndipo simunapite patsogolo. Sakani mawu amene munthu amatchula akamasiya zokonzeratu n'kuyamba kunena za kumtima: pamene akuvomera, akukana, akulonjeza, kapena akutchula chiwerengero.

```
grep -i -B1 -E "mistake|never|promise|honest|wrong|million" mawu.srt
```

Sakani liwu limodzilimodzi, osati chiganizo, chifukwa chiganizo chimatha kuduka pakati, theka mu kachigawo kamodzi theka mu kotsatira, ndipo kusakako sikungachipeze. Ndi bwinonso kusaka tsinde la liwu, monga `apolog`, kuti mugwire mitundu yake yonse. Dzina la munthu musalikhulupirire: ngati silikupezeka, sakani zilembo zake zoyambirira, kapena pitani pamene wotsogolera ankamutchula koyamba mukaone mmene makina analilembera, chifukwa nthawi zambiri amalilakwitsa mofananamo mpaka kumapeto.

Pa chilichonse chimene chakukokani, werengani mizere 10 ya pamwamba ndi 10 ya pansi. Zambiri zimagwa pomwepo. Mawu oyenera kugwidwa amaima paokha: munthu amene sanamve funso angawamvetse, ndipo akunena chinthu chimene wina aliyense pamsonkhanopo sakanachinena m'malo mwa wokambayo. Chiganizo choyamba ndi "zimenezo" kapena "monga ndanena kale" chimafuna ndime yathunthu yofotokozera, ndipo kawirikawiri ndi bwino kungochinena m'mawu anu. Mukatsala ndi malo pafupifupi 12, lembani nthawi zake papepala ndipo tsekani zolembazo.

Kumvetsera

Malo aliwonse mwa 12 aja, yambirani masekondi 45 chiganizocho chisanafike, ndipo pitirirani masekondi 30 chitatha. Ndi mphindi imodzi ndi theka pa malo amodzi, mphindi 18 onse pamodzi. Musafupikitse masekondi a kumbuyowo, ndipo chitsanzo cha mzere 1412 chikusonyeza chifukwa chake.

Papepala, mkulu wa ntchito uja wavomera kuti kuchedwako kunali kulakwa kwawo. Umenewu ndi mutu wa nkhani wokwanira. Koma taonani kuti mzerewo wayamba ndi chilembo chaching'ono. Chimenecho n'chizindikiro chakuti chiganizo chinayambira kumbuyo. Mzere wa pamwamba pake ndi uwu:

```
1411
01:47:08,100 --> 01:47:12,300
I keep reading in the papers that
```

Ndipo mzere 1413 ukunena kuti zimenezo si zoona. Mkuluyo sankavomera kanthu. Ankabwereza zimene ena amanena kuti azitsutse. Liwu lililonse makina analilemba molondola, koma mukanagwira mzere 1412 wokha mukanamunamizira munthuyo zosiyana kwenikweni ndi zimene ananena. Pano tapulumuka chifukwa chiyambi cha chiganizo chili pafupi. Nthawi zina wokamba amanena kuti "otsutsa akuti" kenako n'kuyankhula m'malo mwawo kwa theka la mphindi, atasintha mawu ake pang'ono kuti anthu adziwe kuti akuyerekezera wina. Kusintha kwa mawuko kumamveka m'khutu koma papepala kulibe. N'chimodzimodzi ndi kunyogodola: munthu akhoza kutama chinthu holo yonse ikuseka, zolemba n'kuonetsa kutama kokhakokha.

Malo achiwiri ali pa 02:03:40, pamene zolemba zikuti `We can finish by June.` Limeneli ndi lonjezo, ndipo lonjezo ndi nkhani. Koma mzere wotsatira ukunena kuti zitsulo sizinafike ndipo nthawi ya mvula yayandikira. Munthu amene akulonjeza sapereka zifukwa zolepherera. Ziganizo ziwiri zoyandikana zikamatsutsana chonchi, kayikirani kaliwu kotsutsa. M'Chingerezi `can` ndi `can't` zimasiyana ndi kaphokoso kakang'ono kumapeto, kamene ambiri amakameza, ndipo maikolofoni ikakhala patali kamasoweratu. Valani mahedifoni, chepetsani liwiro la vidiyo kufika pa 0.75, mvetserani katatu. Ngati simukutsimikizabe, yang'anani nkhope ndi mutu wa wokambayo, ndipo fufuzani ngati anabwerezanso mfundoyo pena. Zikakanika zonsezi, mawuwo asiyeni, kapena funsani mwini wake.

Manambala ali ndi vuto lomweli. `fifteen` ndi `fifty` zimamveka mofanana kwambiri, ndipo makina akalemba 50 m'malo mwa 15 palibe chimene chingakuchenjezeni papepala. Chiwerengero chilichonse chimveni ndi khutu, kenako chiyerekezeni ndi chikalata cha ntchitoyo ngati chilipo, popeza wokambayo nayenso akhoza kuphonya lilime.

Ndiye pali funso lakuti ananena ndani. Whisper payokha silemba mayina a oyankhula. Pali mapulogalamu ena amene amagawa mawu n'kulemba `SPEAKER_00`, `SPEAKER_01` ndi zina zotero, ndipo amathandiza posaka zonena za munthu mmodzi. Koma amasokonezeka posinthana, pamene wina akumaliza mnzake n'kulowerera, moti mawu oyamba a yankho amakhala pa dzina la wofunsa, kapena ndemanga yachidule ya wina imamezedwa m'zonena za mnzake. Pa vidiyo, onani pakamwa pamene pakugwedera. Kamera ikakhala kuti yaloza kwina, mvetserani kuchokera pamene wotsogolera anapereka mpata.

Zimene palibe ananena

Chodabwitsa kwambiri ndi chakuti makina amatha kulemba ziganizo pamene panalibe woyankhula. Pa nthawi yopuma ija, cha pa 01:30, maikolofoni inangotsala yoyaka, anthu akukoka mipando, nyimbo ikulira chapansipansi. Pulogalamu yozolowera kulosera liwu lotsatira imalosera ndithu. Nthawi zambiri imalemba mawu otsanzikira owonera vidiyo, monga `Thanks for watching`, kapena imabwereza chiganizo chimodzi kambirimbiri. Zoterezi n'zosavuta kuzizindikira. Zoopsa ndi zija zimene zimafanana ndi nkhani imene ikukambidwa, chifukwa pulogalamuyo imatengera mawu a m'chigawo chapitacho.

Zizindikiro zake zimaoneka pa nthawi. Kachigawo kotenga masekondi 25 koma kokhala ndi mawu 5 okha n'kokayikitsa. Mizere yofanana yotsatizana n'njokayikitsanso, monganso chiganizo chosalala bwino chimene chatulukira pakati pa phokoso. Kubwerezabwerezako kukachuluka, kulembetsanso ndi `--condition_on_previous_text False` kumachepetsa vutoli, chifukwa kumaletsa pulogalamu kutengera zimene yalemba m'chigawo cham'mbuyo.

Zimene zolemba sizionetsa

Njira imeneyi ili ndi malire amene tiyenera kuwavomereza. Imapeza mawu okoma papepala. Koma nthawi zina mphindi yaikulu ya msonkhano wonse imakhala yankho la mawu atatu lobwera pambuyo pa chete wautali, kapena nthabwala imene inagwetsa holo, ndipo posaka mawu simungazipeze. Pali njira ziwiri zochepetsera kutayako. Yoyamba ndi kuyang'ana mipata ya nthawi: funso likatha pa 02:21:10 ndipo yankho n'kuyamba pa 02:21:19, masekondi 9 amenewo ndi ambiri kwambiri pa zokambirana, ndipo pamenepo pachitika kanthu. Yachiwiri ndi kutsegula fayilo ya mawu mu pulogalamu yoonetsa mafunde a phokoso, monga Audacity. Kuomba m'manja ndi kuseka kumaoneka ngati chigawo chokhuthala, chopanda timipata timene timakhala pakati pa mawu a munthu. Pitani pa zigawo zimenezo, mubwerere m'mbuyo masekondi 30, mumve chimene chinawaseketsa.

Palinso chinthu china chimene kusaka sikungakupatseni. Wokamba akhoza kunena chinthu pa 01:10 n'kudzachikonza pa 02:40, kunena kuti analakwitsa chiwerengero kapena kuti sanatanthauze choncho. Mukasankha mawu omaliza oti mugwire, tengani liwu lalikulu la m'chiganizo chilichonse, mulisakenso mu fayilo yonse, ndipo muwerenge malo onse amene wokamba yemweyo analitchulanso. Zimatenga mphindi zochepa. Koma ngati nkhani yanu ikuimba munthu mlandu, kapena mukufuna kulemba kuti sananene kanthu za mutu wakutiwakuti, zolemba za makina sizikwanira. Kusapezeka kwa liwu mu fayilo sikutanthauza kuti silinanenedwe, ndipo pamenepo muyenera kumvetsera zonse zimene munthuyo anayankhula.

Kulemba mawuwo

Mwa malo 12 aja, tinene kuti 4 apulumuka. Alembeni kuchokera m'khutu, osati kukopera mu fayilo, chifukwa mukakopera mumatenga ndi zosalaza za makina zomwe, ndipo diso limavomereza msanga zimene laona kale. Kuchotsa kudodoma ambiri amakuvomereza. Kulumikiza ziganizo ziwiri zotalikirana mphindi zingapo ngati kuti zinanenedwa mpweya umodzi n'kulakwa, ngakhale liwu lililonse likhale loona. Mpumiro ndi mpatuliro muziike nokha motsatira pamene wokambayo anapumira, popeza zimene makina anaika n'zolosera chabe, ndipo mpumiro woikidwa msanga umatha kudula mawu akuti "ngati ndalama zipezeka" amene anali chimake cha lonjezo lonse. Ngati mukumasulira m'chiyankhulo china, sungani mawu oyambirirawo pambali pamodzi ndi nthawi yake, kuti mkonzi kapena mwini mawu akadzafunsa mudzangotsegula pomwepo.

Ofuna kachidutswa ka vidiyo angadule chonchi:

```
ffmpeg -ss 02:21:00 -i msonkhano.mp4 -t 50 -c copy kachidutswa.mp4
```

Ndi `-c copy` kudulako kumathamanga chifukwa vidiyo siikonzedwanso, koma kumayambira pa chithunzi chathunthu chapafupi, chomwe chingakhale masekondi angapo kuchokera pamene munafuna. Choncho siyani masekondi owonjezera mbali zonse ziwiri, kapena chotsani `-c copy` kuti idule ndendende ngakhale ichedwe. Nthawi za mu `srt` nazonso zimatha kuphonya ndi sekondi imodzi kapena kuposerapo, ndiye mukadula potsatira manambalawo ndendende, liwu loyamba kapena lomaliza limadukira pakati.

Tikawerengera, kuona mafunso ndi kayendedwe ka msonkhano kwatenga mphindi 10, kusaka ndi kuwerenga mozungulira mphindi 15, kumvetsera malo 12 mphindi 18, ndipo kuyang'ana mafunde ndi kusakanso komaliza mphindi zina 10. Ndi ola limodzi losakwana, kupatula nthawi imene kompyuta inatenga polemba, yomwe imadalira mphamvu ya makina anu: pa kompyuta wamba yopanda khadi lamphamvu la zithunzi, Whisper yapakatikati ya `medium` imene tinasankha ija imatha kutenga nthawi yofanana ndi utali wa vidiyoyo kapena kuposa, choncho ndi bwino kuiyatsa n'kumachita zina, kapena kusankha yaing'ono ya `small` ngati mawu anajambulidwa momveka bwino.